Biti imodzi, oimba awiri: mmene tinabwezeretsera kanema amene anachotsedwa pa YouTube

Mwana wa achemwali anga amaimba nyimbo zauzimu. Amakhala ku Chilomoni, ndipo tchanelo yake ya pa YouTube ndi imene imamugulira magetsi ndi ndiwo mwezi ukayenda bwino. Ine ntchito yanga ndi yojambula ndi kulumikiza makanema, choncho zikavuta amathamangira kwa ine. Tsiku limenelo anafika ku kaofesi kanga ku Limbe thukuta lili kamukamu, foni ili m'manja, ndipo asanakhale n'komwe pansi anati, "Amalume, andibera nyimbo. Nyimbo yanga yomwe akuti ndi ya munthu wina. Ndadandaula, andikanira."

Nyimboyo ndimaidziwa bwino. Mawu ake analemba yekha, anakaijambulitsa ku situdiyo ina ya ku Ndirande, ndipo kanema wake tinajambula limodzi m'munsi mwa phiri la Michiru m'mawa kukuzizira. Anamuika pa YouTube mu Juni. Mu Seputembala, kanema atayamba kuonedwa kwambiri, ndalama zake zinayamba kupita kwa kampani ina yakunja imene sanaimvepo dzina.

Choyamba chimene ndinachita ndi kumukhazika mtima pansi kuti tione chimene chamugwera, chifukwa zinthu ziwiri zimene anthu amazisokoneza n'zosiyana kwambiri. Mukatsegula YouTube Studio n'kupita pa Content, pali mzere wolembedwa Restrictions. Pamene palembedwa Copyright mukadinapo See details, mumaona dzina la nyimbo imene akuti mwagwiritsa ntchito, dzina la amene akudandaula, mphindi yeniyeni imene nyimboyo ikuyambira ndi kuthera m'kanema wanu, komanso ngati tchanelo yakhudzidwa kapena ayi. Pa foni ya mwanayu panalembedwa Content ID claim, chimene ife timangoti kileyimu. Sinali sitiraiki, imene pa sikirini imalembedwa copyright strike.

Nthawi zambiri kileyimu imaikidwa ndi makina, palibe munthu amene amakhala pansi n'kumvetsera. Kuyambira mu 2007 YouTube ili ndi njira yotchedwa Content ID. Eni nyimbo ndi makanema amapereka zinthu zawo, makina amatenga chizindikiro cha kamvekedwe ka chilichonse ngati mmene amatengera chidindo cha chala, kenako amafananitsa ndi makanema onse a pa YouTube, atsopano ndi akale omwe. N'chifukwa chake kanema akhoza kukhala miyezi itatu bwinobwino n'kudzagwidwa tsiku limene wina walowetsa nyimbo yake m'makinamo. Akagwidwa, mwini uja amakhala atasankhiratu chochita: kutenga ndalama za malonda a pakanemayo, kungoona kuchuluka kwa oonera, kapena kumutseka kuti asaoneke, m'maiko ena kapena paliponse. Kileyimu imapweteka thumba koma siipitsa mbiri ya tchanelo.

Sitiraiki ndi nkhani ina. Imabwera pamene munthu kapena kampani yalemba pempho lamalamulo kuti kanema achotsedwe. Kanema amachokadi, ndipo tchanelo imakhala ndi banga. Sitiraiki imatha pakapita masiku 90, bola mwamaliza kaphunziro kakafupi kotchedwa Copyright School. Zikakwana zitatu nthawi imodzi, tchanelo ikhoza kutsekedwa, makanema onse n'kupita, ndipo simuloledwa kutsegula ina. Amene ali m'ndondomeko yolandira ndalama ya YouTube Partner Program amapatsidwa masiku 7 oti achitepo kanthu tchanelo isanatsekedwe. Ndipo kufufuta kanema amene wabweretsa sitiraiki sikuchotsa sitiraikiyo. Ndaonapo anyamata akufufuta mwamantha, n'kutaya kanema ndi oonera ake onse, banga lili pomwepo.

Tsono apa ndi pamene pagona nkhani yonse, ndipo ndikufuna mumve bwino. Mukadina Dispute, dandaulo lanu silipita kwa woweruza wa ku YouTube. Limapita kwa yemwe uja waika kileyimu. YouTube siweruza kuti mwini nyimbo ndi ndani, imangonyamula makalata pakati pa anthu awiri ndi kuwerenga masiku. Khoswe wakhala pamkhate. Choncho chimene mukulemba chiyenera kukhala chinthu choti munthu wosakudziwani, amene ali kutsidya kwa nyanja ndipo sakufuna kutaya ndalama, akhoza kuchifufuza n'kuona kuti akapitiriza kukana adzachita manyazi.

Mwana wa achemwali anga sanadziwe zimenezi. Ndinamupempha kuti andionetse zimene analemba. Pa zifukwa zimene amakupatsani kuti musankhe, iye anasankha Original content, n'kulemba m'Chingerezi kuti nyimboyi ndi yake, anaipeka yekha, Mulungu ndi mboni. Zonsezo zinali zoona mumtima mwake, koma munalibe tsiku, munalibe dzina, munalibe chilichonse choti wina angachigwire ndi dzanja. Wodandaula, kutanthauza woika kileyimu uja, amapatsidwa masiku 30 oti ayankhe, ndipo akapanda kuyankha kileyimu imafa yokha. Awa anayankha tsiku lachitatu: akana, kileyimu ikhale.

Panali kulakwitsa kwina kumene kunamudyera ndalama. Anadikira masiku 9 asanadandaule, akufunsafunsa anzake a kukwaya. Akuluakulu amati mlandu suola, ndipo n'zoona kuti mukhoza kudandaula nthawi ina iliyonse, koma ndalama ndiye sizidikira. Mukadandaula pasanathe masiku 5 kuchokera pamene kileyimu yaikidwa, YouTube imasunga pambali ndalama zonse kuyambira tsiku loyamba mpaka nkhani itatha, kenako imapereka kwa amene nkhani yamukomera. Mukapitirira masiku 5, imayamba kusunga kuyambira tsiku limene mwadandaula, ndipo za masiku am'mbuyowo zimapita kwa woika kileyimu. Za masiku 9 amenewo sitinazionenso.

Tinamvetsera nyimbo ya munthu winayo. Mawu ena, kaimbidwe kena, woimba wamwamuna wa dera lina la mumzinda womwe uno. Koma ng'oma, besi ndi kiyibodi zinali zomwezija, kuyambira pa sekondi yoyamba. Ndinamuyang'ana mwanayo n'kumufunsa, "Kodi biti ija unagula kuti ikhale yako yokha, kapena anangokulola kuimbirapo?" Anakhala chete, kenako anati, "Amalume, ndinalipira." Ndinati ndamva kuti unalipira, koma unalipira chiyani?

Funso limeneli ndi limene oimba ambiri kuno sitidzifunsa. M'nyimbo imodzi muli umwini woposa umodzi. Pali nyimbo yopekedwa, kutanthauza mawu ndi kaimbidwe. Palinso mawu ojambulidwa, kutanthauza chimene chinatuluka m'situdiyo tsiku limenelo. Ndipo ngati biti inapangidwa ndi pulojusa, biti imeneyo ndi ntchito yake, pokhapokha ataigulitsa yonse. Mapulojusa ambiri amagulitsa chilolezo chabe, ndipo biti yomweyo akhoza kuipereka kwa oimba atatu kapena asanu. Zimenezi si zolakwika ngati aliyense wauzidwa. Vuto limabwera pamene mmodzi mwa oimbawo wapereka nyimbo yake kwa kampani yofalitsa nyimbo pa intaneti, n'kudina kabokosi kopempha kuti nyimboyo ilowe mu Content ID. Makina sadziwa za chilolezo. Amangomva biti, n'kugwira aliyense amene waimbirapo.

Pamenepa tinazindikira zinthu ziwiri. Choyamba, Original content chinali chifukwa cholakwika, popeza gawo limene linagwidwa silinali lopangidwa ndi iye. Chifukwa choyenera chinali License, kutanthauza kuti ndili ndi chilolezo chochokera kwa mwini. Chachiwiri, ndipo ichi ndiye chinali chida chathu chachikulu, malamulo a YouTube yomweyo amanena kuti chinthu cholowa mu Content ID chiyenera kukhala choti wochilowetsayo ali ndi umwini wake yekha. Biti imene mwangopatsidwa chilolezo chogawana ndi ena siyenera kulowamo. Choncho ngati woimba winayo nayenso anangopatsidwa chilolezo, kileyimu yonseyo inalibe poima.

Ndati ngati, chifukwa zikanatha kukhala mwina. Pulojusa akanakhala kuti anagulitsa biti yonse kwa munthu winayo mwalemba, mwana wathu asanabwere, ndiye kuti chilolezo chimene anapatsa mwanayu chinali chopanda pake, ndipo mlandu wathu ukanakhala ndi pulojusayo, osati ndi wodandaula. Kuika kanema pa YouTube poyamba sikutsimikiza umwini. Mwanayu ankangobwereza kuti wake unatuluka mu Juni, wa mnzakeyo mu Ogasiti. Zimathandiza, inde, koma funso lenileni ndi lakuti pulojusa anagulitsa chiyani, kwa ndani, tsiku liti.

Ndinamuletsa kudina Appeal tsiku limenelo ngakhale chala chinkamuyabwa. Tinayamba ndi kufukula m'foni. Mwamwayi safufuta mauthenga. Tinapeza mauthenga awiri a Mpamba osonyeza kuti anatumiza K50,000 kenako K30,000 ku nambala ya pulojusa mu Malichi, uliwonse uli ndi tsiku, nthawi ndi nambala yake ya malipiro. Pa WhatsApp tinapeza pamene pulojusa anatumiza bitiyo, ndi uthenga wa mawu umene ankati aimbirepo momasuka. Macheza onsewo tinawatulutsa ndi Export chat, m'malo mongojambula sikirini, chifukwa chithunzi cha sikirini aliyense akhoza kuchipanga, pomwe macheza athunthu amaonetsa ndandanda yonse ya masiku. Ine ndinali ndi mafayilo oyambirira a kanema wa ku Michiru monga anatulukira mu kamera, tsiku lake lili momwemo.

Zonsezi zinkasonyeza kuti analipira ndipo analoledwa, koma sizinkanena kanthu za munthu winayo. Tinakwera minibasi ya ku Ndirande.

Situdiyo yake ndi kachipinda ka kuseri kwa nyumba, makoma omata matileyi a mazira, fani ikulira pakona. Pulojusa anatilandira mwaulemu koma maso ali pansi, chifukwa nkhaniyo anali ataimva kale. Ndinati, "Achimwene, sitinabwere kudzakangana. Tingofuna mutiuze zoona, kenako mulembe." Anavomera kuti biti anaipereka kwa onse awiri. Winayo analipira zambiri pang'ono, koma panalibe pepala lililonse ndipo sanamuuzepo kuti yakhala yake yekha. Anatsegula kompyuta n'kutionetsa pulojekiti ya bitiyo mu FL Studio, pulogalamu yopangira nyimbo, ng'oma pamzere wake, besi pamzere wake, kiyibodi pamzere wake. Ndinajambula kanema wa mphindi imodzi iye akuzimitsa ndi kuyatsa mzere uliwonse. Munthu amene anangokopera nyimbo sangachite zimenezo, chifukwa iye amakhala ndi nyimbo yosakanizidwa kale. Ndinamufunsanso ngati munali kachidutswa kotengedwa m'nyimbo ya munthu wina, chifukwa kakanakhalamo nkhani ikanasokonekeranso pena. Anati zonse anaimba yekha pa kiyibodi.

Kalatayo tinailemba pomwepo, m'Chingerezi popeza okaiwerenga ali kunja. Munali dzina lake lonse monga lilili pa chiphaso cha unzika, dzina la biti ndi mwezi umene anaipanga, ndi mawu akuti iye ndiye anaipanga ndipo umwini ukadali wake. Munalinso mawu akuti mu Malichi anapatsa mwana wathu chilolezo choimbirapo, kuika pa YouTube ndi kupezerapo ndalama, ndiponso kuti woimba winayo anapatsidwa chilolezo cha mtundu womwewo, chosamupatsa umwini wa yekha kapena mphamvu yolowetsa bitiyo mu Content ID. Anasaina, mboni inasaina, ndipo mawa lake tinapita naye kwa loya m'tauni kuti alumbire ndi kudinditsa. YouTube sifuna chidindo chimenecho, koma ndinkadziwa kuti nkhani ikafika patali pepala lolumbirira limalemera kuposa la pamanja.

Wina angafunse kuti nanga kulembetsa nyimbo ku COSOMA sikukanathetsa zonsezi? Bungwe limeneli, loteteza umwini wa nyimbo ndi zaluso zina kuno ku Malawi, lakhalapo kuyambira 1992, ndipo lamulo limene tikuyendera pano ndi Copyright Act ya 2016. Umwini wa nyimbo umayamba pamene mwaipanga, sudikira kulembetsa, ndipo popeza Malawi analowa m'pangano la Berne mu 1991, umwini umenewo umalemekezedwanso m'maiko ena a m'panganolo. Kulembetsa ku COSOMA kumakupatsani umboni wabwino wa tsiku ndi wa amene anapeka, ndipo ndimalimbikitsa woimba aliyense kutero. Koma sikuchotsa kileyimu pakokha, ndipo pa nkhani yathu mkangano sunali pa mawu a nyimbo, unali pa biti.

Pali kanthu kamene kamadabwitsa ambiri akafika pa fomu ya dandaulo: palibe poika fayilo. Simungakweze risiti kapena kalata. Pali bokosi lolembamo mawu basi. Choncho tinaika zonse mu foda imodzi ya Google Drive, kalata, mauthenga a malipiro, macheza ndi kanema wa m'situdiyo uja, n'kuitsegula kuti aliyense wokhala ndi linki athe kuona. Manambala a foni ndi a chiphaso tinawaphimba pang'ono. Ndinayesa linkiyo pa foni ya munthu wina kaye, chifukwa ndinaonapo munthu akutumiza linki yokhoma, n'kumadabwa kuti bwanji sakumuyankha.

M'bokosimo tinalemba ziganizo zochepa. Tinatchula mphindi zimene zagwidwa, kuti chimene chafanana ndi biti yokha osati mawu, dzina la biti ndi la amene anaipanga, tsiku limene chilolezo chinaperekedwa, kuti chilolezo cha woimba winayo n'chogawana ndipo sichiyenera kukhala mu Content ID, kenako linki. Sitinaikemo kudandaula za ana, za umphawi kapena za mtima woipa wa munthu. Wowerengayo sakufuna kudziwa zimenezo, ndipo zikachuluka mfundo yeniyeni imamira.

Musanadine Appeal muyenera kudziwa kuti mwakwera sitepe imene ili ndi mtengo wake. Pa dandaulo loyamba woika kileyimu akhoza kungokana, zinthu n'kukhala mmene zinalili. Pa apilo amapatsidwa masiku 7 okha, ndipo njira yongokana palibenso. Asiye kileyimu, kapena akhale chete kuti ife yokha, apo ayi alembe pempho lamalamulo lochotsa kanema, limene limabweretsa sitiraiki. Ndiye kuti apilo imamukakamiza kusankha pakati pa kukusiyani ndi kukumenyani zenizeni. Ngati umboni wanu ndi wofooka, mwasandutsa vuto la ndalama kukhala vuto la tchanelo yonse.

Ine ndinkayembekeza kuti akaona kalata ija asiya. Sanasiye. Tsiku lachisanu kunabwera uthenga wakuti apempha kuti kanema achotsedwe, koma mwa mtundu umene umapereka masiku 7 kaye. Pamasiku amenewo mukhoza kubweza apilo yanu, ndipo mukatero sitiraiki sibwera, koma kileyimu imakhalabe ndipo ndalama zimapitabe kwa winayo. Ndi khomo lothawira, ndipo kwa munthu amene ali kale ndi sitiraiki ziwiri, kapena amene mumtima akudziwa kuti alibe pepala, ndi khomo loyenera kutulukira popanda manyazi.

Tinakhala pansi ndi achemwali anga, mayi ake, madzulo ena ku Chilomoni. Iwo anati, "Achimwene, mwanayu asataye zonse chifukwa cha nyimbo imodzi." Ndinawafotokozera kuti tchanelo inalibe sitiraiki ina, ndiye imodzi sikanaitseka, ndipo ngakhale zitavuta ikanatha pa masiku 90. Mwanayo yekha ndiye anagamula. Anati akagonja pa iyi, nyimbo zina ziwiri zimene anajambula ku situdiyo yomweyo zidzapita chimodzimodzi. Sitinabweze apilo. Masiku 7 atatha kanema anachoka, sitiraiki inalowa.

Sitiraiki ikalowa pali njira zitatu: kudikira masiku 90, kupempha wodandaula kuti abweze pempho lake, kapena kutumiza Counter notification. Kudikira kumachotsa banga koma kanema sabwerera. Kubweza pempho, kumene pa sikirini amati Retraction, ndi njira yachangu ndi yamtendere, ndipo ndi imene muyenera kuyamba kuyesa. Tinalembera kampani ija pa imelo imene imaoneka pa tsatanetsatane wa sitiraiki, ndipo pulojusa anaimbira woimba winayo. Mnyamatayo sanali wakuba. Ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti popeza analipira zambiri, biti ndi yake. Anakana.

Counter notification si fomu wamba. Imachokera ku lamulo la ku America la 1998 lotchedwa DMCA, limene YouTube imayendera. Mumalemba dzina lanu lenileni lonse, osati la pasiteji, malo amene mumakhala, ndi nambala ya foni. Mumalumbira, podziwa kuti kunama polumbira ndi mlandu, kuti mukukhulupirira moona mtima kuti kanema anachotsedwa molakwika kapena mosokoneza ndi chinthu china. Mumavomeranso kuti wodandaula akhoza kukusumirani, ndipo kwa ife okhala kunja kwa America, mumavomera khoti la m'dera limene YouTube ili. Zonsezi, ndi dzina ndi adiresi yomwe, zimatumizidwa kwa wodandaula. Kwa mtsikana wokhala yekha imeneyi si nkhani yaing'ono, ndipo tinaikambirana. Malamulo amalola kuti woimirira wovomerezeka, monga loya, atumize m'malo mwanu. Iye anasankha kulemba yekha, n'kuika nambala ya poloti, dera, mzinda ndi dziko mokwanira, chifukwa fomu yoperewera imabwezedwa isanafike n'komwe kwa wodandaula.

Apa mphamvu imatembenuka. Pa masitepe onse am'mbuyomu wodandaula ankangodina batani. Tsopano amapatsidwa masiku 10 ogwira ntchito, powerengera kalendala ya ku America, kuti aonetse umboni wakuti wapita kukhoti kukaletsa kanemayo. Loweruka, Lamlungu ndi maholide a kumeneko sawerengedwa, choncho yembekezani masabata awiri kapena kupitirira pang'ono kuchokera pamene YouTube yatumiza kalata yanu kwa iye. Akapanda kuonetsa umboniwo, kanema amabwerera ndipo sitiraiki imachoka. Kampani imene yaona kalata yolumbirira ya mwini biti singawononge ndalama za maloya pa mlandu woterowo. Masiku anatha kuli zii. Kanema anabwerera pa linki yomweija, oonera ndi ndemanga zonse zili momwemo.

Ndikudziwa kuti ena akamva zimenezi aganiza kuti apeza njira yachidule: ingotumizani Counter notification, sangakusumireni kuchokera kunja. Chonde musatero. Mukulumbira ndi dzina lanu lenileni, ndipo YouTube ikhoza kutseka tchanelo ya munthu amene akugwiritsa ntchito njirazi mwachinyengo. Makileyimu ambiri amene anthu amandibweretsera ndi oona. Mwajambula ukwati ku holo, woulutsa nyimbo akuseweretsa nyimbo ya woimba wotchuka akwati akuvina, makina agwira. Nyimboyo si yanu. Kulemba dzina la woimba pansi pa kanema si chilolezo. Kugula nyimboyo si chilolezo choiulutsa. Kunena kuti simukupezerapo ndalama si chifukwa chimene YouTube imavomereza. Pamenepo njira yabwino ili mu Studio momwemo: kudula gawo limene lagwidwa, kuzimitsa nyimboyo, kapena kuikapo ina yochokera mu Audio Library. Zimenezi zimachotsa kileyimu popanda kutaya oonera. Ndipo ngati kanema wa ukwatiyo simunkafuna kupezerapo ndalama, ndipo sanatsekedwe, musiyeni, kileyimu sikupwetekani.

Za Fair use, zimene achinyamata othirira ndemanga pa nyimbo ndi mpira amakonda kutchula, ndi mfundo ya lamulo la ku America yolola nthawi zina kugwiritsa ntchito kachidutswa ka ntchito ya wina popanda chilolezo, ndipo amene angagamule motsimikiza ndi khoti. Palibe masekondi owerengeka amene amaloledwa, kaya 10 kaya 30, ngakhale mphekesera imeneyi yafala. Mukasankha chifukwa chimenechi muyenera kufotokoza chimene mwawonjezerapo, chifukwa chake munafunikira kachidutswako, ndi kuti simunatenge choposa chofunikacho.

Pali vuto lina limene limafanana ndi limeneli koma mankhwala ake ndi ena. Tchanelo yonse ikhoza kuchotsedwa pa zolandira ndalama chifukwa cha Reused content, ngakhale palibe kileyimu kapena sitiraiki ngakhale imodzi. Apa funso si lakuti muli ndi chilolezo, koma lakuti mwawonjezerapo chiyani chanu. Tchanelo yongosonkhanitsa makanema a anthu ena ikhoza kugwa ngakhale eni ake anavomera. Apilo yake imapita kwa ogwira ntchito ku YouTube enieni, ndipo muli ndi masiku 21 oti muitumize. Njira imodzi ndi kujambula kanema wosapitirira mphindi 5, kumuika ngati Unlisted, woti aonedwe ndi okhala ndi linki okha, pa tchanelo yomweyo, kusonyeza adiresi ya tchanelo m'masekondi 30 oyamba, kenako kuonetsa mmene mumajambulira ndi kulumikizira makanema anu. Ndi umboni wa mtundu womwe uja wa m'situdiyo ya ku Ndirande: onetsani manja anu ali pantchito, mafayilo oyambirira ndi pulojekiti yotsegula. Mukalankhula Chichewa, ikanipo mawu a Chingerezi olembedwa pansi. Ndiponso uthenga uliwonse wa sitiraiki wobwera pa imelo kapena WhatsApp wokuuzani kuti mudine linki kapena mutsitse fayilo, musaukhulupirire musanatsegule YouTube Studio nokha. Ngati mulibemo, ndi akuba matchanelo.

Kubwerera kwa kanema sikunathetse zonse. Chizindikiro cha biti ija chinali chikadali m'makina. Patapita milungu ingapo mwanayu anaika kanema wina, akuimba nyimbo yomweyo pa msonkhano wa achinyamata ku Zingwangwa, biti ikumveka pa masipika, ndipo tsiku lomwelo kileyimu inabweranso kuchokera ku kampani yomweija. Ulendo uno anandiimbira asanadye n'komwe nkhomaliro. Tinadandaula madzulo omwewo, tinasankha License, tinaika linki ya foda ija ndi kutchula kanema woyamba amene anabwezeretsedwa. Tinalemberanso kampaniyo padera, pulojusa akusaina monga mwini biti, kupempha kuti aichotseretu mu Content ID, ndipo tinatchula nambala ya ISRC ya nyimbo ya mnyamata uja, yozindikiritsa nyimbo yojambulidwa, ya zilembo ndi manambala 12, kuti asavutike kuifufuza. Kileyimu anaisiya tsiku lachinayi, ndipo popeza tinadandaula tsiku loyamba, ndalama za kanema ameneyo zinasungidwa zonse. Nyimbo ya mnyamatayo ikadalipo pa tchanelo yake, ndipo sitinafune kuti ichoke, chifukwa nayenso analipira. Mwezi watha tinabwerera ku Ndirande ndi mapepala ena awiri, a nyimbo zotsala zija, ndipo pulojusa anasaina onse.